Poloti ya K18 miliyoni, koma ndalama zikufunika m'masabata atatu

Mlembi wa gulu (Chiputula): Akuluakulu, funso labwera kuchokera kwa membala amene sakufuna kutchulidwa. Banja lina likufuna K6 miliyoni m'masabata atatu. Ali ndi poloti cha ku Dunduzu imene anthu akuti ingakwane K18 miliyoni, masheya amene papepala ndi K4 miliyoni, K2 miliyoni ku akaunti ya fikisidi, yosungitsa ndalama ku banki kwa nthawi yoikika, yotsala miyezi iwiri, ndi matumba 60 a chimanga m'nyumba. Kuwonkhetsa zonse ndi anthu olemera ndithu. Koma akuti akulephera kupeza K6 miliyoni imeneyi. Zimatheka bwanji? Amene mukudziwa za ndalama tithandizeni.

Akauntanti wa ku Katoto: Zimatheka, ndipo zimachitika kwambiri. Apa pali mafunso awiri amene anthu timawaphatikiza. Loyamba ndi lakuti chinthu ichi ndi cha ndalama zingati. Lachiwiri ndi lakuti ndikachifuna chisanduke ndalama m'manja, zitenga masiku angati, ndipo ndiyenera kutsitsa mtengo ndi zingati kuti zitheke m'masiku amenewo. Funso lachiwirili ndi limene a zachuma amati likwiditi.

Muone kuti muli zinthu ziwiri, nthawi ndi mtengo, ndipo sizisiyana. Poloti ya ku Dunduzu ija itha kugulika mawa lomwe mutanena kuti K5 miliyoni. Itha kugulikanso pa K18 miliyoni mutadikira chaka. Chimene sichitheka n'kupeza K18 miliyoni mawa. Ndiye pamene wina akuti chakutichakuti chimagulika msanga, mufunseni kuti pamtengo wanji. Ndalama za mu Mpamba kapena Airtel Money, K100,000 imakhala K100,000 kupatula ya kachotsedwe. Poloti ilibe mtengo umodzi wotero, mtengo wake umadalira kuti mwapanikizika bwanji.

Bambo wa ku Luwinga: Pepani akulu, koma ine sindilola kuti malo anyozedwe. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mu Meyi 2022 inali itagwa kale ndi 25 peresenti. Amene anasunga ndalama ku banki analira, amene anali ndi mapoloti anaseka. Malo saola, sabedwa, sadyedwa ndi anankafumbwe. Banja ili lisagulitse poloti ayi.

Akauntanti wa ku Katoto: Pa za kwacha mwanena zoona bambo, ndipo palibe akunyoza malo. Koma mwayankha funso loyamba lija, la kusunga mphamvu ya ndalama. Chinthu chimodzi chomwecho chitha kukutetezani kwacha ikagwa, n'kukukhumudwitsani tsiku la chipatala kapena la fizi. Komanso kumbukirani kuti kwacha ikangogwa, eni mapoloti onse amakweza mitengo pakamwa, pamene ogula ndalama zawo zathera ku feteleza ndi mafuta. Mtengo wotchulidwa umakwera, koma mapoloti ogulikadi amachepa.

Mayi ogulitsa malo (Area 1B): Ndilowepo pa za poloti chifukwa ndi pamene anthu amanamizika kwambiri. K18 miliyoni imeneyo yachokera kuti? Kawirikawiri ndi yakuti neba anamva kuti poloti ina chapafupi inagulidwa choncho. Koma mapoloti awiri safanana. Ina ili m'mbali mwa msewu wa M1, ina kuti mufike mudutse kamsewu kamene nthawi ya mvula ya kuno galimoto imaterera. Ina magetsi ndi madzi zili pampanda, ina mapolo ali kutali. Ina ndi yosalala, ina ili pamtsetse woti faundeshoni yokha idya ndalama za nyumba ina. Ndiye wogula aliyense amayenera kupita yekha kukaona, ndipo sapita kamodzi. Abwera yekha, kenako ndi mkazi wake, kenako ndi mmisiri. Sabata ziwiri zatha apo asanatchule ndi mtengo womwe.

Kenako mapepala. Wogula wanzeru amafunsa kuti malowa ali m'gulu liti. Ngati ali ndi lizi, apita kukafufuza ku ofesi ya za malo ngati dzina lili pa chikalata ndi la amene akugulitsayo, ngati malowo sanaikidwe chikole ku banki, ndiponso ngati palibe wina anaikapo chiletso. Kusintha umwini wa lizi kumafuna chilolezo cha boma, ndipo ngongole za lendi ya malo ndi misonkho ya khonsolo zimayenera kulipidwa kaye. Ngati ndi malo amene anagulidwa kwa munthu pamaso pa mfumu ndi kakalata kolemba pamanja, wogula amaopa kuti mwina anagulitsidwa kwa anthu awiri, kapena malire ali pa mkangano. Mantha amenewo amawachotsera pa mtengo.

Choopsa kuposa zonse ndi poloti imene ikadali m'dzina la malemu. Pamenepo palibe angasaine mwalamulo kufikira banja litapeza makalata oyendetsera chuma cha masiye, ndipo ana onse ayenera kumvana. Zimenezi ndi za miyezi.

Mlembi wa gulu (Chiputula): Ndafunsa. Akuti ili ndi lizi, m'dzina la bambo wa m'nyumbamo, ali moyo. Koma lendi ya malo sanalipire zaka zingapo.

Mayi ogulitsa malo (Area 1B): Ndiye bola. Tiyerekeze manambala, angoonetsa m'mene zimayendera. Anthu amene ali ndi ndalama zoposa K10 miliyoni zongokhala, zoti atha kutulutsa sabata ino, mu Mzuzu muno si ambiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi ogula kuti adzagulitse. Amadziwa kununkhiza munthu wopanikizika. Mwini akati 18, iwo ati 11. Tinene kuti amvana pa K13 miliyoni. Ejenti amene wabweretsa wogula atenga yake, tinene 5 peresenti, ndiyo K650,000. Ngongole ya lendi ndi zina za mapepala tinene K400,000. Zotsala ndi K11,950,000. Kuchoka pa 18 kufika apa, gawo limodzi mwa magawo atatu lapita chifukwa cha changu chokha.

Sizinathere pomwepo. Wogula wochenjera sapereka zonse mapepala asanasinthe. Anena kuti ndipereka 7 lero, zotsalazo dzina likasintha. K6 miliyoni ija yapezeka, inde. Koma banja lataya K6 miliyoni inanso kuti lipeze K6 miliyoni, poloti yapita yonse, ndipo ayamba kuyenda kulondola zotsala zija.

Achimwene a ku Zolozolo: Nanga osangodula polotiyo pakati n'kugulitsa theka?

Mayi ogulitsa malo (Area 1B): Maganizowo ndi abwino chifukwa akhudza vuto lenileni, loti poloti simungagulitseko pang'ono. Koma malo a lizi sadulidwa ndi khasu. Pamafunika woyeza malo, chilolezo cha a mapulani a mzinda, ndi zikalata zatsopano ziwiri. M'masabata atatu sizingatheke. Ena amangodula mwachinsinsi n'kulemberana kalata, koma wogula wotero amapereka ndalama zochepa chifukwa akudziwa kuti alibe chikalata, ndipo mkangano umadzabwera ana atakula.

Mtsikana wa ku Masasa: Ndiye mwachidule mukuti tisiye kugula malo, tizisunga mu foni? Chifukwa ine ndimaona kuti Mpamba sipereka phindu lililonse looneka.

Akauntanti wa ku Katoto: Ayi asisi, sitikukamba za chimene chimapindulitsa kwambiri. Nthawi zambiri chinthu chosavuta kusandutsa ndalama chimapereka phindu lochepa, ndipo chovutacho chimalonjeza lalikulu. Phindu lalikululo mbali ina ndi malipiro a kudikira kwanu. Vuto la banja ili si loti anagula poloti, koma loti pa chuma chonse chija chochepa kwambiri n'chimene chingatuluke msanga.

Ndipo ngakhale foniyo ili ndi malire ake. Pali malire a ndalama zimene mungasunge kapena kutumiza pa tsiku, komanso ejenti wa pa kona akhoza kukuuzani kuti alibe ndalama zokwanira m'kabati, muzungulire atatu kuti mukwanitse.

Wa masheya (Chimaliro): Ndifotokoze za masheya a K4 miliyoni aja, chifukwa anthu amaganiza kuti popeza mtengo umalembedwa tsiku lililonse ndiye kuti ndalamazo zilipo. Mtengo umene mumauona m'nyuzipepala ndi wa malonda omaliza amene anachitika. Mwina anali masheya 500 okha, mwina anachitika sabata yatha. Sukulonjeza kuti pali munthu wodikira kugula anu onse.

Msika wathu wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre ndi waung'ono. Kampani yoyamba, NICO, inalowa mu 1996, ndipo mpaka pano makampani onse sakwana 20. Masheya ambiri a makampani amenewa ali m'manja mwa eni ake akuluakulu ndi mabungwe a penshoni, amene amagula n'kusunga zaka. Amene amayenda tsiku ndi tsiku ndi ochepa.

Tiyerekeze kuti banjali lili ndi masheya 20,000 a kampani ina, mtengo womaliza K200. Ndiyo K4 miliyoni ija. Akaimbira buloka wawo, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya pamsikapo, iye ayang'ana mndandanda wa ofuna kugula tsiku limenelo, n'kupeza chonchi: wina akufuna 3,000 pa K198, wina 5,000 pa K190, wina 2,000 pa K175, basi. Mukati gulitsani onse pamtengo uliwonse, oyamba abweretsa K594,000, achiwiri K950,000, achitatu K350,000. Zonse K1,894,000 pa masheya 10,000. Ena 10,000 otsalawo alibe wogula lero. Onaninso kuti inuyo ndi amene mwagwetsa mtengo kufika pa K175, ndiye mawa ofuna kugula ayambira pamenepo. Pa K1,894,000 ija buloka achotsapo yake ndi zolipira za msika, ndipo ndalama sizilowa tsiku lomwelo, zimadikira masiku angapo a ntchito kuti malonda atsirizike.

Njira ina ndi kuuza buloka kuti musagulitse pansi pa K195. Pamenepo mwateteza mtengo, koma lero agulika 3,000 okha, enawo adikira. Ndi nkhani yomwe ija ya nthawi ndi mtengo.

Bambo wa ku Luwinga: Mwaona? Ndiye masheya ndi poloti n'chimodzimodzi.

Wa masheya (Chimaliro): Sizofanana bambo. Masheya mutha kugulitsako 8,000 n'kusunga 12,000. Sheya ya kampani imodzi ndi yofanana ndi inzake, wogula safunika kukwera kabaza kukaiona. Ndalama zotayika pa chitsanzo chija ndi pafupifupi 5 peresenti pa amene agulikawo, osati gawo limodzi mwa atatu. Komanso zimasiyana kampani ndi kampani. Ena monga a mabanki ndi a mafoni amakonda kuyenda pafupipafupi, ena amatha masiku osagulidwa ndi imodzi yomwe.

Kuti mudziwe musanagule, musafunse mtengo wokha. Funsani buloka zinthu izi: mwezi wathawu anagulika angati, ndi masiku angati amene panalibe malonda, ndipo kusiyana kwa mtengo wa wogula ndi wa wogulitsa lero ndi kotani. Ngati wogulitsa akuti K200 wogula akuti K198, msika uli moyo. Ngati wogulitsa akuti K200 wogula akuti K160, kapena wogula palibe, dziwani kuti potuluka mudzavutika. Ndipo ngati masheya anu ndi ochuluka kuposa amene amagulika pa sabata yonse, mtengo wa m'nyuzipepala si wanu.

China chimene chimachedwetsa anthu akale: ngati akadali ndi satifiketi ya pepala, yoti anagula kalekale n'kuisunga mu sutikesi, sangagulitse mpaka italowetsedwa mu akaunti ya pakompyuta kudzera kwa buloka. Dzina la pa satifiketi likasiyana ndi la pa chiphaso cha unzika, masiku enanso apita. Banjali lifunse zimenezi lero, osati sabata yachitatu.

Gogo wa ku Katawa: Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Koma ana anga, chimanga chija bwanji simukuchitchula? Chimanga sichisowa wogula.

Wa bizinesi ya mbewu (Chibavi): Zoona agogo, pa zonse zimene zatchulidwa chimanga ndi chimene chingatuluke msanga, mwina kuposa masheya. Ogula ndi ambiri, mtengo wa ndowa aliyense akuudziwa, ndipo mutha kugulitsa matumba 10 n'kusiya 50. Koma pali ziwiri. Mwezi uti? Mukakakamizika kugulitsa mu Juni, pamene aliyense wangokolola, mupeza wogula tsiku lomwelo koma pamtengo wotsika wa chaka chonse. Mu Januwale ogula amakupezani pakhomo. Chachiwiri, kugulitsa ndowa imodziimodzi kumapereka mtengo wabwino koma matumba 60 sangathe m'masiku atatu. Kuti athe tsiku limodzi muitana venda wa lole, ndipo iye agula pamtengo wa pikulitsa. Afika ndi sikelo yake, abaya matumba angapo ndi chitsulo kuti aone mkati, akapeza fumbi la anankafumbwe kapena chinyezi achotseranso. Muyeze nokha matumba angapo asanabwere kuti mudziwe kuti 50 kilogalamu ilipodi.

Asagulitsenso chonse ngati ndi chomwe banja limadya, chifukwa adzachigula modula mu Febuluwale.

Wa ku banki (Kaning'ina): Pa fikisidi ija. Ndalama zilipo, sizifuna wogula, koma munasaina kuti simuzikhudza mpaka tsiku lakutilakuti. Mabanki ambiri amalola kuthyola nthawi isanakwane, koma mumataya chiwongoladzanja china kapena chonse, ndipo ena amaika chindapusa. Zili pa fomu imene munasaina, iwerengeni. Tiyerekeze kuti K2 miliyoni ija ikanabala K60,000 pa miyezi itatu. Ngakhale atataya yonseyo, ndi 3 peresenti yokha. Yerekezani ndi poloti ija. Ndiye fikisidi ndi yoyamba kuthyola. Afunsenso ngati banki ingawapatse ngongole yaifupi fikisidiyo ili chikole, nthawi zina zimatsika mtengo kuposa kuthyola, nthawi zina ayi.

Achimwene a ku Zolozolo: Nanga kutenga ngongole poloti ikhale chikole? Ndiye kuti sanagulitse motaya.

Wa ku banki (Kaning'ina): Zimatheka popeza ili ndi lizi, koma osati mofulumira monga mukuganizira achimwene. Banki itumiza woyesa mtengo wovomerezeka, ndipo mumulipira ndinu. Iye amalemba mitengo iwiri, wa pamsika ndi wogulitsira mokakamizika, ndipo banki imayang'ana kwambiri wachiwiriwo, n'kubwereketsa gawo lake chabe. Muone kuti banki nayo ikuwerengera zomwe mayi a ku Area 1B anena. Kenako maloya alembetse chikole ku ofesi ya za malo, ndipo ngongole ya lendi ija itsekereza pomwepo. Poloti yopanda nyumba mabanki ena saifuna n'komwe. Pamwamba pa zonse amafuna kuona malipiro kapena bizinesi yobwezera mwezi ndi mwezi. Masabata atatu ndi ochepa.

Anthu akaona choncho amathamangira katapila, n'kusiya chikalata cha poloti kwa munthu pa K3 miliyoni. Chonde banjali lisatero. Chiwongoladzanja cha katapila chimawerengedwa pa mwezi, ndipo ena amakusainitsa kalata yoti wagulitsa, osati wakongola. Ukachedwa mwezi umodzi poloti yapita pa K3 miliyoni.

Mayi a banki mkhonde (Mchengautuwa): Ndiwonjezereko zathu. Masheya a banki mkhonde nawo anthu amawawerenga ngati ndalama za m'thumba, koma si choncho. Ndalama zimakhala zili m'manja mwa mamembala amene anakongola, m'bokosi mumangotsala zochepa. Munthu akafuna zake zonse mu Ogasiti pamene kugawana ndi mu Disembala, gulu silingamupatse popanda kukakamiza anzake kubweza msanga. Chimene angapeze ndi ngongole, ngati sabata imeneyo zosonkha zakwana. Ine panopa ndili ndi mamembala awiri amene akufuna ngongole yaikulu tsiku limodzi, bokosi likukwanira mmodzi. Tingapange bwanji kuti zisamachitike?

Akauntanti wa ku Katoto: Amayi, limenelo ndi vuto lomweli koma mbali ya gulu. Magulu ena amasiya gawo lina la zosonkha osalibwereketsa, tinene K1 pa K10 iliyonse, ndipo amasiyanitsa masiku obwezera kuti sabata iliyonse pazilowa kanthu. Kuipa kwake n'koti ndalama yokhala m'bokosi sibala, ndiye pogawana phindu lichepako. Mamembala avomereze okha zimenezo pa msonkhano.

Tibwerere ku banja lija. Ndikanawalangiza kuyamba ndi chimene changu chikudya pang'ono. Fikisidi ibweretsa pafupifupi K2 miliyoni. Masheya apereke lamulo kwa buloka mawa lomwe, ndi mtengo wosatsika kwambiri, agulike pang'onopang'ono m'masabata awiri. Ngati msika uli ngati chitsanzo chija, K1.5 miliyoni mpaka K2 miliyoni ndi yoyembekezeka, yoposa apo ikhala mwayi. Chimanga agulitse chimene sadya. Zikhoza kufika pa K5 miliyoni kapena kupitirira pang'ono, kutengera mwezi. Chotsalacho akambirane ndi amene akufuna ndalamayo kuti alandire m'magawo awiri. Kupempha mwezi umodzi wowonjezera n'kotsika mtengo kuposa kutaya K6 miliyoni pa poloti.

Mayi ogulitsa malo (Area 1B): Ndikugwirizana nazo, koma alipire lendi ya malo ija ndalama zikangopezeka, asunge malisiti, aonetsetse kuti zizindikiro za malire zikuoneka ndipo alambule tchire. Poloti ya mapepala oyera imagulika msanga kuposa inzake ya mtengo womwewo. Ngati akuona kuti chaka chino pabweranso vuto lina, ayiike pamsika panopa pa mtengo wawo, asanapanikizike, ndipo asauze ejenti aliyense kuti pali tsiku lomalizira.

Bambo wa ku Luwinga: Yewo, ndamva. Koma pa masheya sindinakhutire. Ngati kampaniyo ikupereka phindu labwino chaka ndi chaka, kugulitsa pa K190 n'kutayanso. Ine ndikanagulitsa chimanga chonse, n'kupita kwa abale kukapempha zotsalazo.

Wa masheya (Chimaliro): Zitengera kampani yake ndi tsiku lake bambo. Ngati kampani yalengeza kale phindu logawira eni masheya ndipo tsiku lotsekera kaundula lili mkati mwa masabata atatuwa, kudikira masiku ochepa kuli ndi nzeru, ngakhale mtengo umakonda kutsikako tsikulo likadutsa, ndipo ndalama ya phinduyo imalowa pambuyo pake. Alembi, tafunsani kuti ndi masheya a kampani iti, ndi angati, ndipo ali mu akaunti kale kapena akadali pa satifiketi.

Mlembi wa gulu (Chiputula): Ndatumiza funsolo. Akuti ndi a makampani awiri, ena ali mu akaunti, ena satifiketi yake ili kumudzi ku Rumphi. Apita kukaitenga Loweruka.